Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo m'boma la Kasungu: amayi otsika chiberekero athandizidwe kufupi ndi kwawo

Olemekezeka akuluakulu oyang'anira ntchito zaumoyo m'boma lathu la Kasungu, makhansala, aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo, ndi inu mafumu eni nthaka,

Ndakupatsani moni mwaulemu wonse, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi a kunyumba. Ine ndine mayi wachikulire wa m'boma lino. Ndinagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba mpaka kupuma, ndipo lero ndimalima mtedza ndi soya ngati anzanga onse. Kwa mafumu ndikupempha kuti mundikhululukire, chifukwa nditchula poyera zinthu zimene mwambo wathu umati zizikambidwa kuseri, kwa anamkungwi. Kuseriko takambako zaka zambiri, koma amayi akuvutikabe.

Ndikulemba za amayi amene chiberekero chawo chinatsika. Akabwera kwa ine madzulo, atazungulira kuseri kwa nyumba kuti ana asawaone, sayamba ndi kutchula chiberekero. Amati, "Anamwino, kumusi kukundilemera," kapena, "Ndikasenza madzi pamatuluka chinthu ngati dzira, ndikagona chimabwerera." Ambiri ndi a ana asanu, asanu ndi awiri, ena kuposa apo. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7, pamene wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti chiwerengerocho chatsika kufika pa 4 ndi pang'ono. Amayi a nthawi yoyamba ija sanapite kulikonse. Ndi awa ali ndi zaka 50 kapena 60 lero, akulera zidzukulu ndi kusoka fodya m'zigafa, ndipo ambiri mwa iwo anachirira kunyumba kapena kwa azamba a kumudzi, boma lisanawaletse azambawo kubereketsa mu 2007.

Vutoli si ufiti, si chilango cha chiwerewere, ndiponso silipatsirana. Chiberekero, chikhodzodzo ndi thumbo lotulukira chimbudzi zimakhazikika pa minofu ya pansi pa chiuno monga momwe nkhokwe imakhalira pa mitengo yake: mitengo ikafooka, pansi pa nkhokwe pamayamba kulendewera. Mimba iliyonse imalemetsa minofuyo kwa miyezi, ndipo mutu wa mwana podutsa umaitanula, nthawi zina mpaka kuing'amba. Kuwonongekako kumakula ngati matenda anatenga nthawi yaitali, ngati mwana anali wamkulu, kapena ngati mimba zinkatsatizana thupi lisanabwerere m'malo. Mayi akasiya kusamba, minofu ndi khungu la njira yoberekera zimapyapyala, ndiye chimene chinkabisika kwa zaka chimaonekera. Pamwamba pa izi pali ndowa ya malita 20, yomwe ndi makilogalamu 20 pamutu, kangapo patsiku. Pali mtolo wa nkhuni, thumba lopita nalo kuchigayo, chifuwa chosatha ndi kudzimbidwa. Zonsezi zimakankhira pansi.

Kutsikaku kuli ndi masiteji anayi. Pa yoyamba chinthucho chimakhala chidakali m'kati ndithu, ndipo mayi mwina sadziwa n'komwe. Pa yachiwiri chafika pakhomo pa njira. Pa yachitatu chatulukira kunja, ndipo pa yachinayi zonse zili panja. Siteji iliyonse ili ndi thandizo lake. Dandaulo langa n'lakuti mayi wa kumudzi kuno akupeza zinthu ziwiri zokha: panado, kapena kalata yopita kutali kukadikira opaleshoni. Zapakati zonse, zomwe n'zotsika mtengo, sizikumufika.

Dandaulo loyamba: mayi sakufunsidwa, ndipo sakuyezedwa moyenera.

Ndikuuzeni za mayi wina wa mumpingo mwathu, amene wandilola kufotokoza nkhani yake popanda dzina. Ali ndi zaka 56, anabereka ana asanu ndi atatu, woyamba ali mtsikana wamng'ono, ndipo matenda a mwana ameneyo anamugwira masiku awiri ali kunyumba. Akachira, sabata isanathe ankakhala atagwira kale khasu, pakuti ana ambiri anabadwa m'nyengo yopalira. Atasiya kusamba anayamba kumva kulemera kumusi ndi msana kuphwanya madzulo. Kenako mkodzo unayamba kuvuta: akakodza ankamva kuti wina watsalira, ndipo anadzitulukira yekha njira yoyamba wakankhira chotupacho m'kati ndi chala kuti mkodzo utuluke.

Anapita ku chipatala china chaching'ono, chomwe sinditchula. Anapeza mnyamata wa msinkhu wa mwana wake, chitseko chili pululu, anthu a pamzere akumva zonse. Mayiyo anangoti, "Msana ndi m'chinena, komanso mkodzo ukuwotcha." Analandira panado ndi mankhwala a matenda a m'chikhodzodzo. Mankhwalawo sanali olakwika, chifukwa mkodzo wotsalira umabweretsadi matenda otere. Koma gwero lake linatsala, ndipo patapita miyezi anabwereranso ndi dandaulo lomwelo, n'kulandira mapilitsi omwewo. Mu kabuku kake ka kuchipatala masamba anadzaza, koma palibe tsamba limene linanena za kutsika kwa chiberekero.

Mnyamata uja sindimuimba mlandu. Mzere umene amauona tsiku limodzi ndimaudziwa. Ena mudzati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mayiyo akananena yekha. Koma mayi wa msinkhu umenewu sanganene za kumusi kwake pamaso pa mkamwini wa mnzake ali pakhomo. Funso liyenera kuchokera kwa ife. N'lalifupi: "Amayi, kodi mumamva kulemera kumusi, kapena pali chimene chimatuluka mukaima nthawi yaitali?" Mayi wobereka kambiri amene akubwerabwera ndi vuto la mkodzo kapena msana ayenera kulimva funsoli, chitseko chili chotseka.

Kayezedwe kakenso kali ndi msampha. Chiberekero chotsika chimabwerera mayi akagona, ndipo m'mawa chimakhala chisanatsike kwenikweni. Mukamugoneka chagada nthawi ya 8 koloko n'kungoyang'ana, mukhoza kumuuza kuti palibe vuto, iye n'kuchoka ali wamanyazi ngati wanama. Woyeza ayenera kumuuza kuti atsokomole ndi kukankha ngati akubereka, ndipo ngati sichikuonekabe, amuyeze ataimirira. Ayeneranso kuona chimene chatsika, kaya ndi mbali ya kutsogolo komwe kuli chikhodzodzo, kaya ya kumbuyo komwe kuli thumbo, kaya chiberekero chenichenicho, chifukwa thandizo limatsata pamenepo. Anamwino amene amayeza khansa ya khomo la chiberekero ndi viniga ali kale ndi bedi, nyale, zipangizo ndi chipinda chotseka. Kuwonjezerapo mawu akuti "tatsokomolani" sikufuna ndalama ya wina aliyense.

Dandaulo lachiwiri, lomwe ndi mtima wa kalatayi: mphete yochirikiza chiberekero sikupezeka kufupi.

Pali kachipangizo kotchedwa pesari. Kodziwika kwambiri ndi mphete yofewa ya silikoni kapena pulasitiki, yomwe imalowetsedwa mu njira yoberekera n'kukhala kumtunda, mbali ina kuseri kwa khomo la chiberekero, ina kuseri kwa fupa la chinena. Ikakhala pamenepo imachirikiza zomwe zimatsika. Sifuna magetsi, sifuna mankhwala ogonetsa, sifuna kugonekedwa m'chipatala. Siichiza minofu yowonongeka, ndipo mukaichotsa vuto limabwerera, koma ikakwana bwino mayi saimva n'komwe, amalima, amakodza bwino, ndipo ndi mphete yamtundu umenewu angathe kukhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba. Si njira yolera, ndipo singasowe kupita m'mimba monga ena amaopera, pakuti kumtunda kwa njirayo kulibe kolowera chinthu chachikulu chotero.

Mphetezi zimasiyana kukula, kuyambira mamilimita 50 mpaka cha m'ma 100, ndipo luso lonse lili posankha yoyenera. Namwino amayamba wabwezera chotsikacho m'kati, n'kuyerekeza ndi zala kutalika kwa malo amene mphete ikakhale. Akailowetsa, chala chimodzi chiyenera kudutsa pakati pa mphete ndi khungu. Ngati sichidutsa, mphete yakula ndipo idzatupula chilonda. Kenako mayi amadzuka, amayendayenda, amanjuta, amatsokomola, ndipo sachoka asanakodze. Ikagwa ndiye kuti yachepa. Akalephera kukodza kapena akamva kuwawa ndiye kuti yakula. Si zachilendo kuyesa ziwiri kapena zitatu musanapeze yokwana, n'chifukwa chake chipatala chimayenera kukhala ndi masaizi angapo, osati imodzi yokha m'kabati.

Mayi wa mumpingo uja anafika pa siteji yachitatu. Khomo la chiberekero linkakhala panja tsiku lonse, likukhudzana ndi nsalu, mpaka linauma n'kuchita chilonda. Ankamanga kansalu ngati thewera kuti ayende, anasiya kupita ku maliro a kutali, ndipo kutchalitchi ankakhala kumbuyo kuopa fungo. Mwana wake wamkazi atazindikira, anagulitsa mtedza n'kupita naye ku Lilongwe, ku chipatala cholipira. Kumeneko anayamba amuyeza ngati chilondacho si khansa, n'kupeza kuti ayi. Anamupatsa mankhwala opaka okhala ndi esitirojeni kuti khungu likhuthale ndi chilonda chipole, kenako anamuika mphete ya mamilimita 68. Inagwa atangonjuta. Ya 74 inakhala. Anabwerera kumudzi akuyenda mowongoka, ndipo chaka chimenecho anapalira yekha munda wake.

Koma nkhaniyi sinathere pabwino pokhapokha, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mphete imafuna kuonedwa. Pakatha masabata ochepa chiikireni, namwino amayenera kuona ngati yakhala bwino, ndipo kuchoka apo isapitirire miyezi 6 isanachotsedwe, kutsukidwa, khungu kuyang'anidwa, n'kuibwezera kapena kusintha. Mayiyu anauzidwa zimenezi. Koma ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe ndi kubwerera, ulendo wa makilomita oposa 100 mbali imodzi, sinapezeke. Atafunsa kufupi, anauzidwa kuti abwerere kumene anamuika. Chaka chinatha ndi miyezi pamwamba, mpaka anayamba kutuluka chikazi chonunkha chosakanikirana ndi magazi. Mphete inali itayamba kudya khungu. Mwamwayi zinagwidwa msanga: anaichotsa kwa masabata angapo, chilonda chinapola, n'kuibwezera. Mphete yoiwalika kwa zaka imatha kumira m'mnofu, ngakhale kuboola mpaka m'chikhodzodzo kapena m'thumbo. Choncho kugawa mphete popanda kaundula ndi munthu wozitsatira n'kuika amayi pangozi ina. Ntchito yochotsa, kutsuka ndi kubwezera ndi ya mphindi zochepa, ndipo namwino mzamba aliyense angaiphunzire. Amayi ambiri amene manja awo ali bwino angaphunzitsidwenso kuichotsa okha, kuitsuka ndi sopo ndi madzi oyera, n'kuibwezera.

Sindikunena kuti mphete ndi ya aliyense. Pamene zonse zatuluka ndipo khomo la njira latanuka kwambiri, mphete wamba imagwa. Pali mapesari a maonekedwe ena olimba koposa, koma amenewo amavuta kuchotsa ndipo salola kukhala malo amodzi ali m'kati. Komabe taganizirani amene ingawathandize: mayi amene akufunabe mwana, gogo wodwala mtima kapena shuga amene opaleshoni ingamuike pachiswe, mayi amene akudikira tsiku la opaleshoni, ndi amene sakuifuna n'komwe. Onsewa lero akubwerera kunyumba chimanjamanja.

Dandaulo lachitatu: njira ya opaleshoni ndi yamdima.

Opaleshoni ilipo ndipo imathandiza. Dokotala angathe kusoka ndi kulimbitsa mbali ya kutsogolo kapena ya kumbuyo, kuchotsa chiberekero kudzera kumusi popanda kung'amba pamimba, ndi kumangirira kumtunda kwa njira pa mtsempha wolimba wa m'chiuno kuti kusadzatsikenso. Kwa gogo wofooka amene za banja anasiya, pali opaleshoni yaifupi yotseka njirayo, koma imeneyo sibwezedwa, ndipo ayenera kuuzidwa momveka, m'chinenero chake, asanavomere. Chimene amayi amandidandaulira n'chakuti amapatsidwa kalata yopita ku chipatala chachikulu popanda tsiku. Amagulitsa mbuzi, amatenga wowadikirira, amafika n'kuuzidwa kuti abwerenso. Ulendo wachiwiri ambiri sapitanso.

Ndiponso sauzidwa zonse. Vutoli limatha kubwerera ngakhale pambuyo pa opaleshoni, makamaka mayi akayambiranso kunyamula zolemera msanga. Amafunika masabata osachepera 6 osasenza, osalima, osakhala malo amodzi ndi bambo. Mayi amene watuluka m'chipatala mu Disembala, udzu uli m'munda, adzagwira khasu basi ngati bambo ndi apongozi sanauzidwe ndi a chipatala pamaso. Wofunabe kubereka amalangizidwa kudikira, chifukwa mimba ina ingaphwasule zosokedwazo.

Dandaulo lachinayi ndi lalifupi. Pa sikelo timaphunzitsa kuyamwitsa, katemera ndi kulera, koma za kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno amayi amene ndimacheza nawo sanamvepo. Kachitidwe kake n'kosavuta: mayi amafinya kumusi ngati akuletsa mpweya woipa ndi mkodzo nthawi imodzi, osamanga mpweya, osalimbitsa matako kapena ntchafu, amagwira mpaka masekondi 10 ngati angathe, n'kumasula kwathunthu. Achite kasanu ndi katatu kapena kakhumi, katatu patsiku, osati pokodza. Pa siteji yoyamba ndi yachiwiri, akachita mokhulupirika kwa miyezi inayi, kulemera kuja kumachepa kwa ambiri. Koma pafunika namwino aone kamodzi kuti mayiyo akukokera m'mwamba, chifukwa ena amakankhira pansi poganiza kuti akufinya. Chiberekero chomwe chili kale panja sichibwerera ndi njira imeneyi, ndipo tisawanamize.

Tsono, akuluakulu anga, zopempha zanga ndi izi.

1. Funso la kulemera kumusi lilowe m'ndondomeko ya kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, ya kulera, ndi ya sikelo ya masabata 6 mayi atachira. Chimene chapezeka chilembedwe mu kabuku ka mayiyo pamodzi ndi siteji yake.

2. Chipatala chilichonse chaching'ono chikhale ndi malo otseka, ndipo mayi akapempha kuonedwa ndi munthu wamkazi, kapena kuti pakhale mayi mnzake poyezedwa, asaonedwe ngati wovuta.

3. Mugule mphete za masaizi osiyanasiyana ndi mankhwala opaka aja, muyambire pa chipatala cha boma ndi zipatala zingapo za kumadera akutali monga Santhe, Chamama, Chulu ndi Kaluluma, mogwirizana ndi zipatala za mishoni za ku Mtunthama ndi Nkhamenya. Muphunzitse anamwino azamba osachepera awiri pamalo alionse, kuti wina akasamutsidwa ntchito isafe. Pakhale kaundula wa mayi aliyense woikidwa mphete, wokhala ndi saizi yake, mudzi wake ndi tsiku lobwerera, ndipo alangizi a zaumoyo a m'midzi azilondola amene sanabwere. Mayi amene anaikidwa mphete kwina asabwezedwe.

4. Wotumizidwa ku opaleshoni achoke ndi tsiku lenileni, lomwe a chipatala agwirizana kale pa foni ndi kumene akupitako. Ngati n'kotheka, pemphani madokotala a matenda a amayi a ku Kamuzu Central kuti azibwera kuno pa nthawi zoikika, amayi atasonkhanitsidwa ndi kuyezedwa kale. Podikira tsikulo, mayi aikidwe mphete ndipo chilonda chichizidwe.

5. Makhansala ndi aphungu, pokonza ndondomeko ya ndalama za boma lino, mufunse kuti nkhaniyi ili pa mzere uti. Ndipo mukamakambirana za malo okumba mjigo, kumbukirani kuti mtunda wochoka pamjigo kufika pakhomo umayendedwa ndi mayi ndowa ili pamutu.

6. Mafumu, abusa ndi mashehe, lankhulani ndi abambo. Ndaona mayi akusiyidwa ukwati chifukwa bambo akuti anatenga matenda kwina, pamene chomuvulaza ndi ana a bambo yemweyo. Muwauze kuti mayi wochira kumene asasenze zolemera kwa masabata 6, ndipo mtolo ndi thumba la kuchigayo zikwere njinga. Anamkungwi auze amayi kuti asalowetse zitsamba, nsanza kapena miyala kumusi pofuna kubweza chotsikacho, chifukwa zimenezo zimangowonjezera zilonda.

Kwa amayi anzanga amene mwana kapena mdzukulu akukuwerengerani kalatayi: musadikire kuti zopemphazi ziyankhidwe ngati mkodzo ukukanika kutuluka, ngati chotulukacho chakana kubwerera, chachita chilonda kapena chada, ngati mukutuluka zonunkha, kapena mwaona magazi pamene munasiya kale kusamba. Magazi otere ayenera kuyezedwa khansa, ngakhale mutaganiza kuti ndi nsalu yakukhulani. Chiberekero chokhala panja nthawi yaitali chimatha kupinda njira zochokera ku impso n'kuziwononga mwakachetechete. Ngati mkodzo ukungotuluka wokha usana ndi usiku osaleka, makamaka chiyambire kubereka kovuta, limenelo likhoza kukhala vuto lina, la fisitula, lomwe amakonza ku Bwaila ku Lilongwe. Mukafika kuchipatala nenani mawu awa: "Pali chinthu chimatuluka kumusi, ndikufuna mundiyeze." Ngati pakamwa pakulemera, tengani mnzanu akanene m'malo mwanu.

Akuluakulu, ndikupempha kuti yankho lanu lisabwere kwa ine ndekha. Liperekedwe pa msonkhano wa khonsolo ndi pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka kuti a kumpoto kwa boma lino amve nawo, ndipo litchule chipatala chimene chiyambe kuika mphete ndi mwezi umene chiyambire. Ife anamwino opuma tilipo m'midzimu, ndipo mukatiitana kudzathandiza kuphunzitsa kapena kulondola amayi a mu kaundula, tidzabwera.

Ine wanu mwaulemu,

Namwino mzamba wopuma ntchito,
Kasungu